Nkhwani: Zimene Moto, Madzi ndi Soda Zimachita mu Mphika

Masamba a maungu, omwe ku Malawi amatchedwa nkhwani ndipo ku Zambia amadziwika ndi dzina loti chibwabwa, ndi ndiwo zodyedwa popanda chiopsezo chilichonse malinga ngati athyoledwa ku dzungu lodyedwa, atsukidwa bwino ndi kuphikidwa mpaka kupsa. Maungu amene amalimidwa kuno ndi a mtundu umene akatswiri a zomera amautcha Cucurbita, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku America, kumene anthu anayamba kuwalima zaka zikwi zambiri zapitazo. Anafika mu Africa pambuyo pa chaka cha 1500, monga momwe chimanga ndi mtedza zinafikira, kudzera m'maulendo a panyanja a azungu. M'maiko ambiri a ku Ulaya dzungu limalimidwa chifukwa cha chipatso chokha ndipo masamba amasiyidwa m'munda, pamene kuno mlimi amayamba kudya nkhwani miyezi ingapo dzungu loyamba lisanakhwime, amadyanso maluwa ake otchedwa chiluwe pamodzi ndi timaungu tanthete, kenako dzungu lenilenilo ndi nthanga zake. Chifukwa cha ichi, kwa munthu wa ku Senga Bay, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kum'mawa kwa boma la Salima, funso loti kodi nkhwani amadyedwa lilibe ntchito kwenikweni. Chimene chili chofunika kuchidziwa ndi kuchuluka kwa zakudya za m'tsamba zimene zimafika m'thupi mwa munthu tsambalo likapita mu mphika.

Kuchoka m'munda kufika pa lichero

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay nkhwani amachuluka m'nyengo ya dzinja, kuyambira kumapeto kwa Disembala mpaka cha mu Epulo, pamene maungu amayanga pansi pa chimanga. M'chilimwe amapezeka kwa alimi a m'madimba a m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, omwe amamugulitsa m'mipukutu pamsika. Wothyola wodziwa ntchito yake amasankha masamba anthete a kufupi ndi nsonga ya mpesa, omwe amakhala obiriwira mowala ndiponso ofewa akawakhudza, ndipo amasiya masamba akuluakulu a kutsinde, chifukwa amenewo ndi olimba komanso ndi amene amadyetsa dzungu lomwe likukula. Mpesa ukathyoledwa masamba mobwerezabwereza popanda kuupatsa mpata, maungu ake amachepa ndiponso amakhala ang'onoang'ono, choncho banja lofuna zonse ziwiri limathyola masamba owerengeka pa phando lililonse n'kupita patsogolo. Pothyola chiluwe, mlimi wosamala amatenga maluwa aamuna, omwe amakhala pa kamtengo kakatali kowonda, n'kusiya aakazi amene amakhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake.

Pali zinthu ziwiri zimene zingapangitse nkhwani kukhala wosayenera kudya, ndipo zonse zimadziwika tsamba lisanafike pamoto. Choyamba ndi kuwawa. Zomera za banja la maungu, nkhaka ndi mphonda zimatha kupanga mankhwala owawa kwambiri otchedwa kukabitasini, omwe amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, ndipo kuphika sikuwachotsa. M'maungu olimidwa mankhwalawa amakhala ochepa kwambiri moti samveka n'komwe, koma mbewu yongomera yokha kudzala, yomwe gwero lake silikudziwika, ikhoza kukhala nawo ambiri, kotero tsamba kapena kadzungu kowawa ngati ndulu nkoyenera kutayidwa osati kuthiridwa mchere wambiri kuti kuwawako kubisike. Chachiwiri ndi mankhwala a mbozi. Kuyambira pamene ntchemberezandonda zachilendo zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, alimi ambiri amapopera chimanga mankhwala, ndipo popeza maungu amayanga pansi pa chimangacho, masamba ake otambalala amalandira madontho onse ogwa. Botolo lililonse la mankhwala limalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanakolole, ndipo masikuwo amakhudza nkhwani monga momwe amakhudzira chimanga.

Ntchito yotsatira ndi kusadzula, ndiko kuthyola kumapeto kwa phesi n'kukoka ulusi wokhala ndi timinga tofewa, kutsata phesi mpaka m'misempha ya kuseri kwa tsamba. Ulusi umenewu sufewa msanga pamoto, ndipo nkhwani wosasadzulidwa bwino amakanda kukhosi, zomwe zimakakamiza wophika kuwonjezera nthawi kapena kuthira soda. Mphindi zochepa zothera pa lichero zimapulumutsa zambiri mu mphika, monga mmene zionekere patsogolopa. Ku Senga Bay kulinso vuto la mchenga, chifukwa dothi la kunyanja ndi la mchenga ndipo mvula ikamagwa imauthowetsera pa masamba, pomwe umakodwa mu ubweya wa tsamba moti kutsuka kamodzi sikukwanira. Njira yabwino ndiyo kutsuka masamba athunthu m'madzi ochuluka kawiri kapena katatu, kuwanyamula kuchoka m'madzimo kuti mchenga utsale pansi pa beseni, kenako n'kuwadula. Anthu ambiri amayamba ndi kudula n'kutsuka pambuyo, ndipo madzi otsukirawo amasanduka obiriwira, chomwe ndi chizindikiro chakuti timadzi ta m'tsamba tatuluka kudzera m'mabala a mpeni n'kutayidwa ndiwo zisanaphikidwe n'komwe.

Zimene zili m'tsamba laliwisi

Malinga ndi kawundula wa zakudya wa nthambi ya zaulimi ya boma la America, magalamu 100 a nkhwani wamuwisi ali ndi madzi okwana magalamu pafupifupi 93, zomanga thupi magalamu 3, mafuta osakwana theka la galamu, ayironi mamiligalamu 2, vitamini C mamiligalamu 11, ndi vitamini A wokwana mamaikulogalamu 97. Miligalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a galamu, ndipo maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a miligalamu. Manambalawa amasintha malinga ndi mtundu wa dzungu, nthaka ndi msinkhu wa tsamba, choncho ndi ongopereka chithunzi, koma amaonetsa bwino kuti nkhwani sapatsa mphamvu zambiri ndipo sangalowe m'malo mwa nsima. Phindu lake lili m'mavitamini ndi m'michere, zomwe thupi limafuna pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezi sizichita zofanana zikakumana ndi moto. Zina zimasungunuka m'madzi n'kuwonongeka ndi kutentha, zina zimasungunuka m'mafuta okha ndipo kuphika kumazithandiza, pamene michere siwonongeka ndi moto ngakhale pang'ono koma imatha kusamuka kuchoka m'tsamba kupita mu msuzi.

Chimene chimatayika msanga

Vitamini C ndiye wosalimba kuposa onse, chifukwa amasungunuka m'madzi, amawonongeka ndi kutentha, ndiponso amatha akakhudzana ndi mpweya. Kawundula yemweyo akuonetsa kuti nkhwani wowiritsidwa n'kukhetsedwa madzi amatsala ndi miligalamu imodzi yokha pa magalamu 100, kuchoka pa 11 aja. Kutayika kumeneku kumayamba mphika usanakhale pamoto, pakuti tsamba likathyoledwa limapitiriza kupuma, ndipo m'kutentha kwa ku Salima mpukutu umene wakhala padzuwa pamsika kuyambira m'mawa umakhala utataya kale gawo la vitaminiyu pofika masana, makamaka ngati unadulidwiratu. Foleti, yemwe ndi mmodzi wa mavitamini a gulu la B ndipo amafunika popanga magazi komanso pa kakulidwe ka mwana m'masabata oyambirira a pakati, nayenso amasungunuka m'madzi ndi kuchepa ndi kutentha, ngakhale kuti satha mofulumira ngati vitamini C.

Kaphikidwe kakale ka nkhwani kali ndi nzeru pa mfundo imeneyi, chifukwa madzi amakhala ochepa, ongokwanira kuphimba pansi pa mphika, ndipo satayidwa. Masamba amathiridwa madzi atawira kale, mphika n'kuvundikiridwa, ndipo nthunzi pamodzi ndi madzi otuluka m'masambamo ndi zimene zimaphika. Kuika masamba m'madzi owira kale kuli ndi chifukwa chake, pakuti m'tsamba muli timichere tofulumizitsa kusintha kwa zinthu, totchedwa maenzaimu, tomwe timawononga vitamini C mwachangu madzi akamafunda pang'onopang'ono, koma timafa nthawi yomweyo tikakumana ndi madzi owira. Nkhwani wanthete wosadzulidwa bwino amapsa m'mphindi pafupifupi 10, ndipo zimene zatuluka m'tsamba zimatsala mu msuzi wochepawo n'kudyedwa ndi nsima. Potaziyamu, mchere umene umathandiza mtima ndi minofu, amatuluka m'tsamba mosavuta, ndipo kupezeka kwake m'mbale kumangodalira ngati msuziwo wadyedwa kapena watayidwa kuseri kwa khitchini.

Vuto lalikulu limabwera ndi soda ndi chidulo. Chidulo ndi madzi osefedwa m'phulusa la zinthu monga zitsononkho, masangwi a mtedza kapena makoko a nthochi, ndipo ntchito yake ndi yofanana ndi ya soda wogula kusitolo, popeza zonse ndi za mtundu wa alikali, kutanthauza zinthu zotsutsana ndi asidi. Alikali amasungunula zomatira zimene zimagwirizanitsa timaselo ta tsamba, choncho ndiwo zimafewa m'kanthawi kochepa, zomwe ndi zofunika kwa mayi wophikira nkhuni kapena makala ogula. Amasunganso mtundu wobiriwira. Kubiriwira kwa tsamba kumachokera ku kolorofilo, yemwe pakati pake pali maginiziyamu, ndipo tsamba likamaphikidwa asidi wake yemwe amachotsa maginiziyamuyo, mtundu n'kusanduka wotuwa ngati wa fodya wosauma bwino. Soda amathetsa mphamvu ya asidiyo, ndipo ndiwo zimatuluka zobiriwira mochititsa kaso. Tsoka lake ndi loti vitamini C ndi thayamini, yemwe ndi vitamini B1, sapirira mu alikali, ndipo amawonongeka mwachangu kwambiri kuposa m'madzi wamba. Mphika umene ukuoneka wobiriwira kuposa yonse ukhoza kukhala umene wataya zambiri, ndipo umadziwika ndi masamba ophwanyika ngati phala, oterera, okhala ndi kakomedwe konga ka sopo soda akachuluka. Pophika thelele, lomwe kawirikawiri limasakanizidwa ndi nkhwani, soda kapena chidulo ndi mbali ya kaphikidwe kake ndipo palibe amene angayembekezere kuti zisiyidwe, koma pa nkhwani wanthete wotendera kapena wokazinga, soda alibe ntchito imene kusadzula bwino sikungagwire.

Tomato amachita zosiyana ndi soda. Asidi wake amateteza vitamini C, tomatoyo amawonjezera vitamini wake yemwe, koma asidiyo amachedwetsa kufewa kwa tsamba ndi kufooketsa mtundu wobiriwira. N'chifukwa chake ophika ambiri amamuika pamwamba pa masamba atayamba kale kufota, osati pachiyambi penipeni.

Chimene moto umatsegula

Kungakhale kulakwitsa kuganiza kuti nkhwani akanakhala wabwino koposa akanamadyedwa wamuwisi. Kupatula kuti ubweya wake sungalole, vitamini A wa m'tsamba amapezeka bwino tsambalo likaphikidwa. Tsamba lilibe vitamini A weniweni koma lili ndi beta-karotini, chinthu chachikasu chobisika kuseri kwa kubiriwira, chomwe thupi limachisandutsa vitamini A, wofunika pa maso, pakhungu ndi pa chitetezo cha thupi ku matenda. Beta-karotini amakhala womangika mkati mwa timaselo ta makoma olimba, omwe mano ndi mimba ya munthu siziphwanya mokwanira, ndipo kutentha kumafewetsa makomawo popanda kumuwononga kwambiri. Iye sasungunuka m'madzi, choncho satuluka kupita mu msuzi, koma kuti adutse m'matumbo kulowa m'magazi pamafunika mafuta. Akatswiri amawerengera kuti mamaikulogalamu 12 a beta-karotini wa m'zakudya amapereka maikulogalamu imodzi ya vitamini A, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti pa masamba obiriwira phindu limachepa kuposa pamenepa ngati chakudyacho chilibe mafuta. Mafuta ofunikawo si ambiri, chifukwa magalamu 3 mpaka 5 pa chakudya cha munthu mmodzi, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, amakwanira.

Apa ndi pamene kutendera kumaonekera kufunika kwake. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Mwachitsanzo, banja la anthu asanu likhoza kuphika magalamu 500 a nkhwani wosadzula kale. Malinga ndi manambala aja, masambawo ali ndi vitamini C mamiligalamu 55 ndi vitamini A mamaikulogalamu 485. Akawiritsidwa nthawi yaitali m'madzi ambiri okhala ndi soda, madzi n'kukhetsedwa, ndiwo n'kuperekedwa zopanda mafuta, vitamini C amatsala wosawerengeka, gawo la foleti ndi potaziyamu limapita ndi madzi, ndipo beta-karotini, ngakhale ali m'mbale, wambiri amangodutsa m'mimba. Masamba omwewo akaphikidwa m'kapu imodzi ya madzi owira, pamwamba pake n'kuikapo tomato awiri ndi nsinjiro zokwana magalamu 50, zomwe ndi masupuni akuluakulu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, mphikawo umalandira mafuta pafupifupi magalamu 24 ndi zomanga thupi magalamu 13 owonjezera. Munthu aliyense amapeza mafuta pafupifupi magalamu 5, omwe ndi muyeso wofunika uja, ndipo vitamini A wa gawo lake amayandikira mamaikulogalamu 90, pamene mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafunika pafupifupi 300 pa tsiku. Nsinjiro zimafunika kupsa, apo ayi zimanunkha chiwisi ndi kudzaza mimba, n'chifukwa chake zimasiyidwa pamwamba kuti zipse ndi nthunzi kwa mphindi zingapo zisanatakasidwe, ndipo moto umachepetsedwa pambuyo pake chifukwa zikafika pansi pa mphika zimapserera msanga.

Mtedza woti usinjidwe uyenera kusankhidwa, chifukwa wachuku, wofota kapena wowawa ukhoza kukhala ndi poizoni wa chuku wotchedwa afulatokisini, yemwe amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Nsinjiro zogula zosinja kale zimabisa vutoli, pakuti mtedza woipa ukasinjidwa suonekanso. Kumene mtedza kulibe, mafuta ophikira amagwira ntchito yomweyo, ndipo ku Malawi mafuta ogulitsidwa m'mabotolo ndi shuga amawonjezeredwa vitamini A motsatira lamulo. Kafukufuku wa boma wa michere ndi mavitamini wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti kuperewera kwa vitamini A mwa ana aang'ono kunatsika kufika pa ana 4 mwa 100 alionse, kuchoka pa 59 m'chaka cha 2001.

Ayironi ndi mwayi wa kunyanja

Ayironi, mchere umene umapanga gawo lofiira la magazi, sawonongeka ndi moto, ndipo popeza masamba amafota akaphikidwa, mtanda wa nkhwani wophika umakhala ndi ayironi wochuluka kuposa mtanda wofanana kukula wa nkhwani wamuwisi. Chovuta chili pa kalowedwe kake m'thupi. Ayironi wa m'zomera amalowa pang'ono kwambiri, kawirikawiri osakwana gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo amatsekerezedwa ndi faiteti, chinthu chopezeka m'chimanga, makamaka mu mgaiwa, komanso mu mtedza momwe, chomwe chimagwira ayironi ndi zinki m'matumbo. Choncho nsinjiro zimene zimathandiza vitamini A sizithandiza ayironi, ndipo mawu ofala oti masamba amawonjezera magazi ndi oona pang'ono chabe. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo kumadera a kunyanja zifukwa zake zimaphatikizapo malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba, zomwe ndiwo zilizonse sizingachize.

Zinthu ziwiri zimathandiza ayironi wa m'masamba kulowa bwino, ndipo zonse zimapezeka ku Senga Bay. Choyamba ndi vitamini C wodyedwa pa chakudya chomwecho, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chopewera soda, pakuti vitamini amene soda amawononga ndi yemweyo amene akanatsegulira ayironi njira. Tomato, madzi a mandimu kapena mango wodyedwa pambuyo pa nsima zimabwezeretsa zimene mphika wataya. Chachiwiri ndi nsomba. Nyama ndi nsomba zili ndi ayironi wa mtundu wina wolowa mosavuta, komanso zikadyedwa pamodzi ndi masamba zimawonjezera kalowedwe ka ayironi wa m'masambawo. Usipa, womwe umayanikidwa pa matandala m'madoko a m'derali, umadyedwa wathunthu ndi mutu, minga ndi zam'kati, choncho umabweretsa kashiamu ndi zinki zimene nkhwani alibe zokwanira, ndipo kambale kakang'ono ka usipa pambali pa nkhwani wotendera kamasintha phindu la chakudya chonse kuposa kuwonjezera masamba. Tiyi womwedwa nthawi yomweyo amachita zosiyana, chifukwa matanini ake amagwira ayironi, ndipo ndi bwino kudikira ola limodzi kapena awiri.

Kupsa kwa ndiwo kuli ndi ntchito inanso kunyanja, kumene mabanja ena amatsuka masamba ndi madzi otunga m'nyanja kapena m'zitsime zosatetezedwa. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, unakhudza kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja kuphatikizapo Salima. Kuwira kumapha tizilombo ta kolera ndi mazira a njoka za m'mimba, choncho kufupikitsa nthawi yophika sikutanthauza kuphula ndiwo zosapsa, ndipo zotsala zikagona m'kutentha kwa kunyanja ziyenera kuwiritsidwanso mpaka kubwata, ngakhale kuti kuteroko kumamaliza vitamini C amene anatsala.

Mfutso

Nkhwani akachuluka m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, amayi amafutsa wina kuti adzadye m'chilimwe. Masamba amawiritsidwa pang'ono, amayanikidwa pa mphasa mpaka auma moti amaphwanyika m'manja, kenako amasungidwa m'thumba, mu mtsuko, kapena m'chikwatu, chomwe ndi mpukutu wokulungidwa ndi masamba akuluakulu monga a masuku n'kumangidwa ndi luzi. Kuwiritsa koyambako kumapha maenzaimu amene akanapitiriza kuwononga tsamba pouma, ndipo mphindi ziwiri kapena zitatu zimakwanira, pakuti kupitirira pamenepo ndi kungotsukira mavitamini m'madzi amene atayidwe. Pa mfutso vitamini C amatha pafupifupi yense, pamene ayironi, kashiamu ndi zomanga thupi zimatsala, ndipo zimachuluka pa kulemera chifukwa madzi, omwe anali magawo oposa 90 mwa 100, achoka. Beta-karotini ali pakati, chifukwa sawonongeka kwambiri ndi kuwiritsa koma amatha ndi kuwala kwa dzuwa ndi mpweya, kotero mfutso woyanikidwa padzuwa lamphamvu masiku angapo umataya wambiri kuposa woyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo, monga pakhonde kapena pansi pa chisakasa.

Kuyanika pamthunzi kuli ndi vuto lake kunyanja, kumene mpweya umakhala wachinyezi m'nyengo ya mvula, chifukwa masamba ochedwa kuuma amachita chuku. Njira yothandiza ndiyo kuyala masamba mopyapyala pa thandala lokwera, lofanana ndi loyanikira usipa, kuti mphepo izidutsa pansi ndi pamwamba, ndi kuwatembenuza kangapo pa tsiku. Mfutso wouma bwino umakhala wobiriwira modera ndipo umanunkhira ngati tsamba, pamene wotuwa kapena wofiirira wataya kale beta-karotini wambiri, ndipo wokhala ndi madontho oyera kapena fungo la chuku suyenera kuphikidwa. Pophika, mfutso umanyikidwa kaye m'madzi ochepa kuti ufewe, ndipo madzi onyikirawo, akasefedwa mchenga, ndi omwe ayenera kuphikira, chifukwa potaziyamu ndi mavitamini a gulu la B amene anatsala amakhala atatulukira mmenemo. Kunyika kwa theka la ola kumachepetsa nthawi ya pamoto ndi kufunika kwa chidulo, ndipo nsinjiro zimathiridwa monga pa nkhwani wamuwisi.